Mafunso ndi mayankho: zimene mwawerenga za kutenga pakati, mungazidalire mpaka pati?

Awa ndi mafunso amene ndimakumana nawo pa ntchito yanga ya uzamba, ena kusikelo, ena kuchipinda cha zakulera, ena panjira pochokera kutchalitchi munthu atandikokera pambali. Ambiri amafunsa foni ili m'manja, atawerenga kena kake usiku tulo titasowa. Pofuna kuti masiku ndi manambala zisangouluka m'mwamba, ndizibwerera ku nkhani ya mayi wina wogulitsa kaunjika, wazaka 29, amene anabwera ndi kope la mwana wa sukulu momwe ankalembamo masiku ake osamba. Bambo a kunyumba kwake amayendetsa galimoto zikuluzikulu zopita kunja, ndipo kunyumba amangopezekako masiku ochepa pamwezi.

Anesi, ndawerenga kuti mkazi aliyense amatenga pakati pa tsiku la 14. N'zoona?

N'zoona kwa ena, miyezi ina. Nambala imeneyi inachokera pa mkazi amene amasamba pa masiku 28 alionse osaphonya, ndipo akazi otero si ambiri. Kusamba kulikonse kobwera pakati pa masiku 21 ndi 35 timati kuli bwinobwino, ndipo mkazi mmodzi yemweyo akhoza kusinthasintha mwezi ndi mwezi.

Poyamba tigwirizane za kawerengedwe, chifukwa ambiri amasochera pomwepa. Tsiku loyamba ndi tsiku limene magazi ayamba kutuluka, osati limene mwamaliza kusamba. Mukawerenga kuchokera pamenepo mpaka tsiku lakuti mawa muyambanso, ndiye kutalika kwa mwezi wanu.

Chachiwiri ndi ichi: dzira silikhwima potsatira kusamba kumene kwapita. Limatuluka patatsala masiku ngati 14 kuti kusamba kwina kufike. Ndiye kuti tsiku lenileni timalidziwa bwino poyang'ana m'mbuyo, mwezi utatha kale. Kutsogolo timangoyerekeza.

M'kope la mayi uja munali masiku awa: 3 Malichi, 31 Malichi, 2 Meyi, 31 Meyi, 3 Julaye ndi 30 Julaye. Titawerengera limodzi tinapeza kuti miyezi yake inali ya masiku 28, 32, 29, 33 ndi 27. Tikachotsa 14 pa nambala iliyonse, dzira liyenera kuti linkatuluka cha pa tsiku la 14, la 18, la 15, la 19 ndi la 13. Tsiku la 14 lotchuka lija linagwera pamalo pake kamodzi kokha pa miyezi isanu.

Mwezi umene unandigwira mtima ndi wa Juni. Mayiyo anayamba kusamba pa 31 Meyi, ndipo pulogalamu ya pa foni inamuuza kuti tsiku lake ndi 13 Juni. Bambo aja anapempha tchuthi kuntchito, n'kukhala pakhomo kuyambira pa 10 mpaka pa 13, kenako ananyamuka. Koma mwezi umenewo unali wa masiku 33, choncho dzira liyenera kuti linatuluka cha pa 18 kapena 19 Juni, iwo ali kutali. Mayiyo atasamba pa 3 Julaye analira, akuganiza kuti thupi lake lili ndi vuto. Pamenepo panali pasanaoneke vuto lililonse. Foni inangowerengera mwezi wa masiku 28 womwe sunali wake.

Nanga masiku otenga pakati ndi angati kwenikweni?

Ndi pafupifupi 6 pamwezi. Mbewu ya mwamuna imatha kukhala ndi moyo m'thupi la mkazi mpaka masiku 5, pomwe dzira likatuluka limangokhala maola 12 mpaka 24. Choncho masiku 5 dzira lisanatuluke, kuphatikiza tsiku lotulukalo, ndiwo masiku a mwayi, ndipo mwayi umakula kwambiri pa masiku awiri kapena atatu omaliza. Kugonana dzira litatuluka kale dzana sikuthandiza.

Vuto n'lakuti masiku 6 amenewa amasuntha. Kwa mayi wa kope uja akhoza kuyamba pa tsiku la 8 m'mwezi waufupi, kapena kutha pa tsiku la 19 kapena 20 m'mwezi wautali. N'chifukwa chake banja limene limakhalira limodzi sindimalilangiza kusaka tsiku limodzi ngati akusaka singano. Kukhalira pamodzi pa masiku awiri kapena atatu alionse mwezi wonse kumakwanira, ndipo kumachotsa mkangano uja wa "lero ndi lero" umene umafoola abambo ambiri.

Kwa amene mwamuna amayendayenda, thupi limapereka chizindikiro choposa kalendala. Dzira likatsala pang'ono kutuluka, chikazi chimasintha. Chimayera mbee, chimaterera, ndipo mukachitenga pakati pa zala ziwiri chimatamuka ngati choyera cha dzira laliwisi. Dzira likatuluka chimauma kapena kulimba. Ndinamuuza mayiyo kuti azilemba zimenezi m'kope momwemo, pambali pa masiku. Chizindikirochi nachonso chimasokonezeka ngati muli ndi matenda a kumaliseche, kapena ngati mumaikako mankhwala oumitsa. Chikazi chonunkha, chachikasu kapena choyabwa si cha dzira ayi, n'chofunika kuchionetsa kuchipatala.

Ineyo sindikufuna mimba. Kodi ndingadalire masiku omwewa polera?

Mosamala kwambiri. Njira ya mikanda yolerera imati musagonane popanda kondomu kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19, ndipo inakonzedwera amayi amene miyezi yawo imakhala ya masiku 26 mpaka 32. Ngakhale pamenepo, mwa amayi 100 oigwiritsa ntchito monga anthu amachitira pa moyo wa tsiku ndi tsiku, pafupifupi 12 amatenga pakati chaka chisanathe. Mayi wa kope uja anali kale ndi mwezi wa masiku 33, wodumpha malire. Nkhani imene ikukuuzani za "masiku otetezeka" koma osakufunsani kutalika kwa mwezi wanu yakubisirani mbali yofunika.

Takhala tikuyesa miyezi isanu koma zii. Kodi ndiye kuti ndine wosabereka?

Ayi, miyezi isanu siyokwanira kunena zimenezo. Ngakhale banja lachinyamata, onse athanzi, ogonana pa masiku oyenera, mwayi wawo pa mwezi umodzi ndi pafupifupi 20 kapena 25 pa 100. Kunena kwina, mwezi uliwonse kusatenga pakati ndiko kumachitika kawirikawiri kuposa kutenga. Miyezi ikamaunjikana mwayi umaunjikananso, moti pakutha chaka mabanja oposa 8 mwa 10 amakhala atapata mimba ngati mkaziyo sanafike zaka 40. Mwa otsalawo, pafupifupi theka amatenga m'chaka chachiwiri popanda mankhwala alionse.

N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pali vuto la kubereka pokhapokha padutse miyezi 12 anthu akugonana kawirikawiri osalera koma mimba osabwera. Mu 2023 bungwe lomweli linalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake, m'maiko olemera ndi osauka momwe.

Taonani mawu akuti "kawirikawiri". Mayi wa kope uja ankati atha chaka ndi theka akuyesa. Titawerenga miyezi imene bambowo analipodi pa masiku a mwayi, sinafike ndi theka lomwe. Zimenezi sizikutanthauza kuti palibe vuto. Zikungosonyeza kuti chaka cha banja lotalikirana si chimodzimodzi ndi chaka cha banja logona nyumba imodzi.

Pali ena amene sayenera kudikira chaka. Ngati mkazi wapitirira zaka 35, abwere pakatha miyezi 6, chifukwa mazira amachepa ndi msinkhu ndipo nthawi yotayika siibwerera. Ngati mumatha miyezi iwiri kapena itatu osasamba, ngati munadwalapo matenda a m'chinena, ngati munachitidwapo opaleshoni ya mimba yokhala m'chubu, kapena bambo anatupapo machende, bwerani msanga, nonse awiri.

Apongozi akuti vuto ndi ine chifukwa ndinkabayitsa jakisoni wa kulera. Pa foni ndawerenganso zomwezo.

Jakisoni wa Depo sachititsa munthu kukhala wosabereka. Chimene amachita, ndipo ife ogwira ntchito nthawi zina timalakwitsa posachinena poyamba pomwe, n'kuchedwetsa. Mukasiya, dzira limatenga nthawi kuti liyambenso kukhwima. Amayi ambiri amatenga pakati patatha miyezi ngati 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ndipo ena amadikira mpaka chaka ndi theka. Kuchedwaku sikudalira kuti munabayitsa zaka zingati. Njira ya pamkono, lupu ndi mapiritsi ndi zosiyana, chifukwa mukangosiya thupi limabwerera msanga.

Choncho nkhani yoti "jakisoni amaumitsa chiberekero" ndi bodza, komanso yoti "mukasiya lero mawa mwaima" si yoona. Ngati munabayitsa komaliza miyezi inayi yapitayo, apongozi aupeze mtima.

Mnzanga anamwa mankhwala ena a zitsamba, patatha miyezi itatu anaima. Ogulitsawo ali ndi maumboni ambirimbiri. Kodi onsewo akunama?

Mwina palibe ndi mmodzi yemwe akunama, ndipo apa ndi pamene pamavutira. Tiyeni tiwerengere. Tengani mabanja 100 opanda vuto lililonse, amene angoyesa miyezi yochepa n'kuyamba kuda nkhawa. Apatseni madzi a pachitsime m'botolo lokongola. Ngati mwayi wa mwezi umodzi uli 20 pa 100, mwezi woyamba mabanja 20 atenga pakati. Mwa 80 otsalawo, mwezi wachiwiri atenga 16. Mwa 64 otsala, mwezi wachitatu atenga 13. Pakutha miyezi itatu muli ndi amayi 49 oyembekezera, aliyense wokonzeka kulumbira kuti botolo lija ndilo lamuthandiza. Kuwerengera uku n'kongoyerekeza, koma kukusonyeza kumene maumboni amachokera. Aja 51 amene sizinatheke sajambulidwa. Amangokhala chete ndi manyazi awo, kapena amauzidwa kuti sanatsate malangizo, agule botolo lina.

Mukamawerenga umboni, dzifunseni kuti anamwa ndi angati onse, ndipo amene sanamwe zinawathera bwanji. Wogulitsa amene sangayankhe zimenezi alibe umboni, ali ndi nthano za anthu osangalala.

Ine ndimachenjera ndi mawu atatu. "Motsimikizika" ndi loyamba, chifukwa pa nkhani ya kubereka ngakhale dokotala wa luso lotani sangalitchule. Lachiwiri ndi "pa masiku 21" kapena nambala ina iliyonse ya masiku. Lachitatu ndi mankhwala amodzi ochiza zonse, otsegula machubu, osungunula zotupa za m'chiberekero, ochulukitsa umuna ndi kubweretsa mapasa. Mavuto amenewa magwero ake ndi osiyana kotheratu. Chubu chotsekeka chimatsekedwa ndi zipsera za mkati, ngati chipsera cha bala la moto, ndipo palibe chakumwa chimene chimasungunula chipsera.

Sindinyoza zitsamba zonse, mankhwala ambiri a kuchipatala anachokera ku mitengo. Chimene chimandiwawa ndi zaka. Mayi amabwera ali ndi zaka 38 atatha zaka zisanu ndi chimodzi akuzungulira ndi mabotolo, vuto lake lili loti tikanalipeza ndi ekisileyi imodzi ali ndi zaka 32.

Bambo akunyumba akukana kukayezetsa. Akuti iwo ali bwino chifukwa kuchipinda salephera, komanso ali ndi mwana kwina.

Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri. Mwamuna akhoza kukhala wamphamvu, umuna n'kumatuluka wooneka bwinobwino, koma mkati mwake mbewu zili zochepa, zaulesi, kapena mulibiretu. Ndi maso simungaone. Gondolosi angadzutse chilakolako, koma chilakolako sichiwerenga mbewu. Mwana wa zaka khumi zapitazo akuchitira umboni za zaka khumi zapitazo. Chinzonono chosachizidwa bwino, matsagwidi ogwira munthu atakula n'kutupitsa machende, kuvulala, mowa ndi fodya wambiri, zonsezi zimatha kusintha zinthu pakati apa. Pa mabanja amene akusowa mphatso, pafupifupi theka vuto limakhudza mwamuna, payekha kapena pamodzi ndi mkazi.

Kuyeza kwa abambo ndi kosavuta kuposa kwa amayi, kotchipa, ndipo sikupweteka. Amapemphedwa kukhala masiku 2 mpaka 7 osagonana, kenako n'kupereka umuna m'kabotolo ka kulabu, ndipo uyenera kuyezedwa pasanathe ola limodzi. Malire apansi amene WHO inaika mu 2021 ndi mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi. Koma nambala imeneyi si mpanda wolekanitsa obereka ndi osabereka. Alipo abambo a pansi pa 16 amene ali ndi ana, aliponso a pamwamba amene akuvutika.

Zotsatira zoipa kamodzi si chigamulo. Mbewu imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangidwe, choncho kutentha thupi kwa malungo a mwezi watha kukhoza kutsitsa nambala ya lero. Timabwerezanso pakatha miyezi itatu. Mawu aja akuti gojo, kapena akuti anagwa mu mpapaya, ndi amene amathawitsa abambo kuchipatala, ndipo mkazi ndiye amasenza dzina la chumba pa mlandu umene sunafufuzidwe n'komwe.

Tikapita kuchipatala akatichita chiyani, ndipo akatilonjeza chiyani?

Akafufuza zinthu zitatu: ngati dzira likutuluka, ngati mbewu ilipo yokwanira, ndiponso ngati njira yoti ziwirizi zikumane ili yotsegula. Kope la masiku limayankha mbali yaikulu ya funso loyamba, chifukwa mkazi wosamba mwezi ndi mwezi mosadumphitsa nthawi zambiri amatulutsa dzira. Funso lachitatu limafuna ekisileyi yapadera yotchedwa HSG. Amathira mankhwala amadzi kudzera pakhomo la chiberekero n'kujambula kuti aone ngati akudutsa m'machubu. Imachitika mutangomaliza kusamba dzira lisanatuluke, ndipo imapotokola m'mimba ngati kusamba kowawa. Zoterezi zikafunika mumatumizidwa kwa madokotala a amayi ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, Queen Elizabeth ku Blantyre, Zomba kapena Mzuzu.

Kuno kwathu kutsekeka kwa machubu ndi gwero lalikulu, makamaka kwa amayi amene anaberekapo kamodzi kenako zii. Kumabwera ndi matenda opatsirana pogonana, ena mwa iwo osaonetsa chizindikiro chilichonse, ndi matenda olowa pambuyo pobereka, popita padera kapena pochotsa mimba mosatetezeka. Kwa okulira m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, likodzo nalonso limatha kuwononga njira ya chiberekero. Nkhani zambiri za pa foni zinalembedwera amayi a ku Ulaya ndi ku Amereka, n'chifukwa chake zimachuluka za zakudya ndi nkhawa, likodzo osalitchula.

Pa malonjezo, musayembekezere kanthu koposa mwayi. Mapiritsi a kolomifeni amathandiza mayi amene dzira silikutuluka. Kwa amene machubu ndi otseka, kapena vuto lili kwa bambo, ndi kutaya ndalama. Amawonjezera mwayi wa mapasa, amene ndi mimba yovutirapo, ndipo kawirikawiri sapitirizidwa kuposa miyezi 6. Musagule chifukwa choti mnzanu anamwa. Ngakhale njira ija yokumanitsa dzira ndi mbewu kulabu ya IVF, imene mwana wake woyamba anabadwa mu 1978 ku Mangalande, pa ulendo umodzi imalephera kawirikawiri kuposa mmene imathekera, ndipo mwayi umatsika ndi zaka za mkazi. Chipatala chikakuonetsani nambala yokongola, funsani ngati akuwerenga mimba zoyezedwa kapena ana obadwa amoyo, komanso amayi a zaka zingati. Dziwaninso kuti mabanja ena amayezedwa zonse n'kupezeka kuti palibe chooneka. Dokotala wonena kuti "sitinapeze chifukwa" sakukubisirani kanthu.

Ndayeza mkodzo kunyumba, mzere wachiwiri ukuoneka patalipatali. Ndili ndi pakati kapena ayi?

Kachipangizo koyezera mimba kamafufuza homoni yotchedwa hCG, imene thupi limayamba kupanga mimba ikakhazikika m'chiberekero, patatha sabata kapena kupitirirapo dzira litakumana ndi mbewu. Mzere wa pa C umangosonyeza kuti kachipangizo kakugwira ntchito. Ngati pa C palibe mzere, katayeni, zotsatirazo zilibe tanthauzo. Mzere wa pa T ndiwo wa mimba. Ukaoneka mkati mwa mphindi zimene zalembedwa papepala lake, ngakhale wofooka, nthawi zambiri ndi mimba yaing'ono. Koma mzere wotuwa umene mwaupeza patatha ola, mutakatolanso m'bini, ndi chizindikiro cha mkodzo wouma basi.

Cholakwika chofala ndi kuyeza msanga. Mayi wa kope uja anasamba pa 30 Julaye. Foni inkayembekeza kuti asambanso pa 27 Ogasiti, koma mwezi wake wautali ukanamufikitsa pa 1 Sepitembala. Kuyeza pa 27 kukanatha kusonyeza kuti palibe chonsecho mimba ilipo, ndipo "kuchedwa" kwa masiku anayi sikukanakhala kuchedwa n'komwe. Ndinamuuza kuti azidikira tsiku la 34, ayeze ndi mkodzo woyamba wa m'mawa, ndipo ngati palibe koma sakusambabe, abwereze pakatha sabata.

Za kuyeza ndi mchere, shuga kapena mankhwala otsukira mano, zisiyeni. Nseru, kuwawa kwa mabere ndi kutopa nazonso sizitsimikizira kanthu, chifukwa zimabweranso kusamba kukayandikira.

Kusikelo andilembera tsiku lochira. Pa foni pakutuluka tsiku lina. Ndikhulupirire liti?

Onse awiri ndi oyerekeza. Timatenga tsiku loyamba la kusamba komaliza, n'kuwonjezera masiku 7 ndi miyezi 9, zomwe ndi masiku 280 kapena masabata 40. Tiyerekeze kuti mayi anasamba komaliza pa 30 Julaye. Kuwonjezera masiku 7 ndi 6 Ogasiti, kuwonjezera miyezi 9 ndi 6 Meyi. Koma ana obadwa pa tsiku lenileni lolembedwalo ndi 4 kapena 5 okha pa 100. Nthawi yoyenera imayambira pa masabata 37 kukafika 42, kutanthauza kuti kwa mayi ameneyu kuyambira pa 15 Epulo mpaka cha pa 20 Meyi. Chikwama, zitenje ndi ndalama ya mayendedwe zikhale zokonzeka Epulo asanafike pakati, ndipo wokhala kutali ndi chipatala akambirane za kuchidikiro nthawi ikadalipo.

Sikani ya miyezi itatu yoyambirira imalozera bwino kuposa kalendala, makamaka ngati miyezi yanu imasinthasintha. Sikani ya mochedwa imatha kuphonya ndi masabata awiri kapena atatu, choncho tsiku silisinthidwa nthawi iliyonse mwajambulitsa. Malangizo a WHO a 2016, amene zipatala zathu zimatsata, amati mayi aonedwe kasanu ndi katatu, ulendo woyamba mkati mwa masabata 12, ndipo ajambulidwe kamodzi asanafike masabata 24. Ndikudziwa mwambo wobisa mimba mpaka ioneke. Bisirani anthu a pamudzi ngati mukufuna, koma osati anamwino. Foliki asidi amateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyambirira penipeni, ndipo amathandiza kwambiri mukayamba kumwa musanaime n'komwe.

Tsiku lija likadutsa, musamwe mwanamphepo kapena china chilichonse chofulumizitsa matenda. Muyezo wake palibe amene amaudziwa, ndipo chiberekero chikakokedwa mopitirira chimatha kung'ambika, mwana n'kubanika. Bwerani tidzaone, masabata akafika 41 timakambirana zoyambitsa matenda kuchipatala komwe tingamvetsere mtima wa mwana.

Ndinapita padera mwezi wachiwiri. Ndawerenga kuti mwina ndi chifukwa chosenza madzi. Kodi ndinalakwitsa ine?

Pepani kwambiri, mayi. Mwa mimba zodziwika, pakati pa 10 ndi 20 pa 100 zimapita padera, zambiri m'masabata 12 oyamba. Pafupifupi theka la zimenezi zimachitika chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pomwe dzira linakumana ndi mbewu, zinthu zoti palibe akanaziletsa. Kusenza ndowa, kulima, kugonana ndi amuna anu kapena kukwiya sikuchotsa mimba yabwinobwino. Zilipo zina zimene tingazipeze n'kuzichiza, monga malungo, chindoko ndi matenda a shuga, ndipo n'chifukwa chake timayeza magazi.

Amayi ambiri amene apita padera kamodzi amadzabereka bwinobwino ulendo wotsatira. Ndikunena kuti ambiri, sindikunena kuti onse, ndipo sindingakuuzeni kuti inu muli mbali iti. Zikachitika kawiri kapena katatu motsatizana, pemphani kuti akufufuzeni.

Ndi liti pamene ndiyenera kusiya kuwerenga n'kuthamangira kuchipatala?

Ngati mwadumphitsa kusamba ndipo mukumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, makamaka pamodzi ndi timagazi, chizungulire kapena kuwawa pa nsonga ya phewa, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ikhoza kukhala mimba yokhala m'chubu, imene imachitika pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100, ndipo chubu chikaphulika magazi amatayikira mkati osaoneka kunja. Chimodzimodzi kutaya magazi nthawi ina iliyonse muli oyembekezera, kutentha thupi, mutu waukulu ndi kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, kapena mwana kuchepetsa kugunda. Pa zimenezi musayambe mwafunsa kaye anzanu a pa foni.

Nanga mayi wa kope uja zinamuthera bwanji?

Anabwera ndi bambo aja ulendo wachitatu, atawanyengerera pogwiritsa ntchito mlamu wawo. Ekisileyi inasonyeza chubu chimodzi chotseguka bwino, china chokayikitsa. Umuna unapezeka ndi mbewu zochepera pang'ono pa malire aja, koma bambowo anali atadwala malungo milungu isanu m'mbuyomo, choncho tinawapatsa tsiku lodzayezanso pakatha miyezi itatu. Mayiyo anandifunsa kuti, "Ndiye anesi, zitheka?" Ndinamuuza kuti chubu chimodzi chimakwanira kutengera pakati, kuti zaka zake zikadali kumbali yake, ndipo kuti sindingamupatse mwezi kapena chaka. Bambowo anati akakamba ndi abwana awo kuti aziyenda maulendo afupiafupi. Nditawaona komaliza, m'kope muja munali mutalembedwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo tsiku loyezanso linali lisanakwane.